Mizere ya pa Khadi la Deborah

Kalingalinga, Lusaka
4 Novembala 2023

Achimwene Edmond,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Emelda ndi ana onse? Mwana wanga Deborah ali bwanji? Chifuwa chija chinatha? Mvula ikamagwa musamulole kuyenda wopanda juzi. Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo imatupa chifukwa choyenda pansi kupita ku ntchito ku Kabulonga.

Achimwene, nkhani yanga si yabwino. Adona andiuza kuti chaka chinonso sindipuma pa Khirisimasi, alendo awo akubwera ambiri ndipo palibe wina wophika. Musamuuze Deborah, sindinapeze mawu ake.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi ichi. Ndikaimba foni mwana safuna kulankhula nane. Amangopuma pafoni, kenaka ndimamva mapazi akuthawa. Sabata yatha ndinamumva akuitana kuti amama, ndinayankha, koma amaitana alamu. Sindikudandaula za alamu, mwandisungira mwana chimwalirireni bambo ake, koma ndikuopa kuti andiiwala.

Popukuta fumbi kuntchito ndinapeza makhadi a Khirisimasi a ana a adona. Kunja kuli chithunzi, mkati muli mizere yochepa ya Chingerezi. Mwana wawo anandiwerengera limodzi ndipo limamveka ngati nyimbo, mawu akumapeto amagwirizana. Ndinaganiza kuti nanenso ndimupangire Deborah khadi lotero m'chilankhulo chathu, loti awerenge yekha popanda womuwerengera. Ali mu giredi 2, akwanitsa? Pano pafupi ndi okhoma mipando pali Clive amene ali ndi makina osindikiza, wati akhoza kundipangira.

Inu ndi amene mumapeka nyimbo za kwaya. Ndili wamng'ono ndimakuonani mukuyenda kumunda mukung'ung'udza, pofika madzulo nyimbo yatha, Lamulungu mpingo wonse ukuimba. Ine sukulu ndinalekera giredi 4. Ndayesa kulemba izi, mundikonzere ndipo musandiseke.

Mwana wanga wokondedwa Deborah ndikukufunira Khirisimasi yabwino
Uzimvera amalume ako
Kuno mavuto a ntchito ndi ambiri koma Mulungu ndi wabwino
Usamasewere pa msewu

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mwana angamve. Ndapatsa a Goliati a m'basi kuti asiye pa golosale monga mwa nthawi zonse.

Ine mlongo wanu,
Eneless

Kalingalinga
18 Novembala 2023

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Yankho sindinalandire. A Goliati alumbira kuti kalata anasiya. Kodi mwadwala? Kapena Deborah wadwala ndipo mukundibisira? Ndaimba foni yanu koma siikulowa.

Ngati mizere ija ndi yoipa kwambiri ingonenani. Ndaganizanso kuti mwina alamu aona kuti ndikuwanena pa nkhani ya amama ija. Sindimatanthauza choipa. Mwinanso mukuona kuti ndi bwino mwana azolowere kumeneko ndipo ine ndisamamusokoneze. Ngati ndi choncho mundiuze poyera, ndisamangoganiza ndekha mpaka kupsereza mpunga wa adona monga ndachitira dzulo.

Eneless

Katete
21 Novembala 2023

Mlongo wanga Eneless,

Tonse tili bwino. Deborah sakudwala, chifuwa chinatha kalekale, ndipo akudya kuposa ine. Makalata ako onse awiri ndawatenga tsiku limodzi. Mvula itagwa tinali pa kalikiliki wobzala, palibe anapita ku golosale, ndipo foni inagwera m'madzi, ikuuma padenga. Iwe pa masabata awiri watidwalitsa, watikwiyitsa, watilanditsa ndi mwana. Sunasinthe.

Mizere yako sindinaiseke kwambiri. Ganizo ndi labwino, ndipo sindikulembera ine ayi, chifukwa khadi likhala la amalume. Ndikuuza mmene ndimachitira ndi nyimbo za ana a Sande sukulu, ulembe wekha.

Choyamba, zimene walemba ndi ulaliki. Uzimvera, usamasewere. Mwana amamva zimenezi tsiku lililonse. Pa Khirisimasi mupatse zinthu zimene maso ake akuona: mvula, mango, mpunga, chovala chatsopano. Mavuto ako a ntchito asalowemo, si katundu wa mwana.

Chachiwiri, mizere ikhale yofanana kutalika. Sitiyeza ndi maso, timayeza ndi manja. Nena mawu pang'onopang'ono ndipo uombe m'manja pa phatikizo lililonse. De-bo-ra, waomba katatu. Chi-ma-nga, katatunso. Mzere wa mwana ukhale woomba kasanu ndi katatu, ndi umene amautha ndi mpweya umodzi. Yesa uwu: Mvu-la ya-gwa, ma-ngo a-psa. Tsopano ombera mzere wako woyamba uja, manja atopa usanafike pakati.

Chachitatu ndi michira, ndikutanthauza mawu akumapeto kwa mizere. Iwe waika yabwino ndi wabwino. Kumeneko ndi kuba, ndi liwu limodzi lomwelo lavala chipewa china. Usanyengekenso ndi mawu ongothera chilembo chofanana. Gona ndi phika onse athera pa a, koma khutu silimva ubale, chifukwa mawu athu ambiri amathera pomwepo. Ife polankhula timakoka phatikizo loyandikana ndi lomaliza, ndiye kufanana kuyambire pamenepo. Gona apite ndi ona. Phika apite ndi fika. Nena mokweza umve.

Ine ndimayambira kumchira. Ndimatola mawu ogwirizana awiriawiri, ndimawaika kumapeto, kenaka ndimamanga mzere chobwerera m'mbuyo. Mizere inayi yakwana.

Mawu akhale afupi, opanda zilembo zambiri zounjikana. Wokondedwa ndi ndikukufunira zimupunthwitsa mwana wa giredi 2. Ukatha upeze mwana wa msinkhu wake akuwerengere. Usamuthandize, ungoyang'ana pakamwa pake. Pamene waima, liwu limenelo ulichotse ngakhale ukulikonda.

Za amama zija alamu ako akuti adzakuyankha okha.

Mlongo wako,
Edmond

Kalingalinga
29 Novembala 2023

Achimwene,

Kalata yanu ndailandira ndipo mtima wakhala pansi. Pepani pa zimene ndinaganiza. Foni imeneyo musaiike padenga, mvula idzaipezanso.

Sindimadziwa kuti mu nyimbo zanu muli ntchito yotere. Ndimayesa zimangobwera zokha. Tsopano ndikamva ana akuimba pa mpopi ndimayamba kuwerenga ndi zala, ndipo nyimbo zimene sizichoka m'mutu ndi zomwezo zofanana kutalika. Inu munaziona liti zonsezi, muli ndi khasu m'manja? Ndawerengera kalata yanu ba Nsama, eni nyumba, ati munthu ameneyo akanakhala ku Lusaka bwenzi akumveka pa wailesi.

Ndakhala ndikuomba m'manja popita ku ntchito. Owotcherera zitsulo pa msewu waukulu andizolowera. Wina anakuwa kuti, "Ba sisi, mwatsegula chechi yanu? Tibwere na chopereka?" Sindinamuyankhe chifukwa ndinali pa phatikizo lachisanu ndi chimodzi.

Ndinayambira kumchira monga munanenera. Mawu othera anga, aka, ala ndinapeza ochepa. Koma era ndi ambiri ngati tomato ku msika: sewera, yera, kondwera, bwera, kwera. Amangobwera okha.

Woyesera ndinatenga Mwango, mdzukulu wa ba Nsama, nayenso ali mu giredi 2. Mzere wanu wa mango uja unamukanika. Anaima pa apsa, anayang'ana ine, anati, "Ba anti, ni chani ichi?" Kuno amati yapya. Mwina Deborah akanautha, koma ndaopa, ndauchotsa. Musakhumudwe. Ndinali ndi mzere wina wakuti mngelo waimba, nawonso anaima pa mngelo, ndachotsa. Zimene zatsala ndi izi, wawerenga osaima ndipo kachiwiri anali akudumpha:

Lero tsiku losewera,
Vala diresi loyera.
Yesu wabadwa, kondwera,
Amama ako abwera.

Ombani muone, yonse ikukwana. Diresi loyera ndagula kale pa salaula, pogulitsa zovala za kaunjika, ndachapa ndi kusita. Ndagulanso nsapato. Sindikudziwanso phazi la mwana wanga, ndiye ndayezera pa Mwango. Kodi zimukwana?

Clive wandionetsa mmene khadi limapangidwira. Ndi pepala lolimba lopinda pakati. Chithunzi chimakhala kunja, mizere mkati kudzanja lamanja, kumanzere kumatsala malo oti ndilembe dzina ndi cholembera. Ndasankha chithunzi cha khanda m'khola ndi nyenyezi, amafuna kundiikira mkulu wa Khirisimasi wa ndevu zoyera uja ali pa chipale chofewa koma ndakana, Deborah angaope. Ndamuuzanso kuti zilembo zikhale zazikulu, ndipo a akhale wozungulira ngati amene amalemba aphunzitsi pa bolodi, chifukwa a wa makina uja wokhala ndi ndowe pamwamba Mwango amamuyang'ana kawiri. Asindikiza mukavomera.

Mupereke moni kwa alamu.

Eneless

Katete
3 Disembala 2023

Mlongo wanga,

Ndaomba m'manja, ndaombanso, palibe pochotsa. Michira yonse inayi ikugwirizana ndipo mawu ndi a mwana. Pa sabata imodzi wachita zimene anyamata anga a kwaya zimawatengera chaka. Za mango ndavomera, mwana ndi amene amaweruza.

Koma iwe, nkhani yaikulu chonchi kuibisa mu mzere womaliza? Ndiye kuti adona asintha maganizo, ukubwera. Ndakondwa kwambiri. Tambala wofiira uja ndamuuza kuti masiku ake atha. Utiuze tsiku, ndidzakuchingamira ndi njinga. Ndaikako kale kanyimbo, ndakhala ndikung'ung'udza kumunda, koma alamu ako andiletsa kuimba mawu ake pakhomo ndipo alanda pepala. Akuti alemba yawo.

Edmond

Alamu a Eneless,

Ndine Emelda. Tili bwino. Ine sindidziwa za michira, ndifunsa funso limodzi. Mukubwera kapena simukubwera? Achimwene anu akondwa chifukwa mzere wakwana m'manja. Ine ndawerenganso kalata yanu yonse ndipo sindinapeze pamene mwanena kuti adona akupatsani tchuthi. Munthu ngati inu, amene mumatiuza ngakhale za kutupa kwa miyendo, simungaiwale kulemba zimenezo.

Ngati simukubwera, khadi limeneli silifika m'manja mwa Deborah ine ndili moyo. Ndikuuzeni chifukwa, poti achimwene anu anandiletsa kukuuzani chaka chatha kuti musadandaule.

Chaka chatha munamuuza pafoni kuti mwina ndibwera. Mwana samva mwina. Pa Khirisimasi anasamba yekha mmawa, anakana kupita ku tchalitchi, anakakhala pa chitsa chija cha pa msewu pamene basi imaima. Basi iliyonse amaimirira. Mpunga ndinamutengera komweko, sanadye. Ndinachita kumunyamula dzuwa litalowa. Mawa lake anapitanso. Kuyambira pamenepo ndi pamene anasiya kulankhula pafoni. Sanakuiwaleni, alamu. Chithunzi chanu chili m'buku lake la masamu. Akuopa kuti mumuuzanso kuti mukubwera.

Tsono amenewo anali mawu a pafoni, ouluka. Awa ndi osindikiza, okoma, olowa m'mutu. Achimwene anu ang'ung'udza tsiku limodzi lokha, ine ndawaloweza kale osafuna. Mwana adzawaimba potunga madzi, adzauza anzake onse, kenaka adzapita pa chitsa atavala diresi loyera.

Za amama musavutike nazo. Ana anga atatu amandiitana choncho tsiku lonse, iye anene chiyani? Akamakamba za inu amati amama anga. Ine sanandinenepo choncho.

Muuzeni zoona. Adzalira, koma adzadya mpunga.

Mulamu wanu,
Emelda

Kalingalinga
11 Disembala 2023

Alamu anga a Emelda,

Muli bwanji ndi ana? Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa nyumba ya adona pamene ndimayanika zovala, ndipo ndinakhala pansi pa udzu nthawi yaitali. Sindikubwera. Muwauze achimwene tambala akhale ndi moyo, kapena adyedwe ndi ana.

Sindinafune kunama. Ndinali ndi sewera, yera ndi kondwera, panatsala malo amodzi, ndipo bwera analowa bwino kwambiri moti sindinamufunse ngati akunena zoona. Ndimangomva kukoma kwake. Achimwene anandiphunzitsa kuyeza ndi manja ndi khutu, zonse zinakwana, koma inu ndi amene munaona mwana pa chitsa. Ine ndimakuganizirani zoipa pamene inu mumanyamula mwana wanga kuchoka pa msewu. Zikomo, alamu. Sindidziwa kuti mtima wotere munautenga kuti.

Ndinayesa kungosintha mzere womaliza. Amama sakubwera ukupereweza kamodzi, ndipo pambuyo pa kondwera ukumveka ngati ndikumunyoza. Ndinayesa kuchotsamo amama onse, kungosiya diresi ndi Yesu. Zinakwana, koma ndinaona kuti mwana adzafunsabe, ndipo oyankha mudzakhala inu. Ndiye ndataya era yense ndi kubwerera ku michira yovuta ija.

Nthawi ino ndinayamba ndi zimene ndikufuna kunena, michira pambuyo. Ndikufuna adziwe kumene ndili, adziwe kuti sindibwera, adziwe kuti sindinamuiwale. Lusaka anandivuta masiku angapo. Ndinapeza mphaka ndi nkhaka, koma mphaka alowa bwanji mu Khirisimasi? Tsiku lina ba Nsama akudandaula pakhomo anati, "Chino chaka mvula yativuta," ine ndinasiya mbale m'madzi ndi kuyamba kuomba m'manja. Anaganiza kuti ndapenga.

Nazi:

Mvula yagwa pa chimanga,
Yesu wabadwa, mwananga.
Ine ndili ku Lusaka,
Sindibwera chino chaka.
Koma dzuwa likawala,
Dziwa, sindikuiwala.

Achimwene anati mizere inayi, koma ndikaima pa wachinayi khadi lithera pa sindibwera. Ndaonjeza iwiri kuti mawu omaliza m'kamwa mwake akhale ena. Sindikuiwala ndi lalitali, ndinaliopa, koma Mwango analidula yekha pang'onopang'ono ndipo anafika. Atatha anandifunsa kuti, "Nanga mubwera liti?" Ndinati sindidziwa. Anati, "Oho," anapita kukasewera. Sanalire, koma si mwana wanga.

Clive ndiye anakana poyamba. Anati, "Ba mayo, ine nachita makhadi yambiri, ya ukwati, ya maliro, ya kitcheni pate ya mkwatibwi. Khadi ya Khirisimasi sikamba ati sinibwera. Ija yoyamba inali che bwino, nenze nafuna kugulitsako na ku benangu." Ndinamuuza za chitsa. Atamva anachepetsa zilembo pang'ono kuti mizere isanu ndi umodzi ikwane popanda wina kuthyoka pakati. Ndinamuuza kuti mzere ukathyoka mchira upita pansi ndipo mwana saumva. Loyamba linatuluka mkati muli mozondoka, tinatembenuza pepala, lachiwiri linakhala bwino. Magetsi anathima titangomaliza.

Ndasindikiza anayi. La Deborah lili ndi mizere yonse. A ana anu atatu ali ndi yakale ija yopanda mzere wa amama, ndaikapo wakuti Mpunga wapsa, tisekera, kuti nawonso alandire kanthu ndipo asamuchitire nsanje. Iwo ndi aakulu, wapsa sawavuta. Ndakulunga onse m'pulasitiki chifukwa inki ya Clive ikanyowa imayenderera. Ali pakati pa diresi, nsapato zili pansi.

Mumupatse liti? Ndikuganiza kuti Khirisimasi isanafike, kuti alire kale. Koma inu ndi amene mukumudziwa. Musamuwerengere, awerenge yekha. Ngati ang'amba mundiuze, musandibisire.

Mulamu wanu,
Eneless

Katete
27 Disembala 2023

Alamu,

Ndine Emelda. Tadya Khirisimasi bwino, tambala wapita. Katundu anafika wouma.

Khadi ndinamupatsa Loweruka, kutatsala masiku awiri. Ndinamukhazika pa khonde ndipo ine ndinakhala chapatali ndikusankha nyemba. Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. Atatsegula anaika chala pansi pa mawu ndi kuyamba mokweza. Iwiri yoyamba anaseka, anati amama alemba za munda wathu. Pa Lusaka anadutsa bwino. Pa sindibwera anaima. Si kuti liwu linamukanika ayi. Anabwereza mzere wonse, anatseka khadi, analowa m'nyumba.

Achimwene anu amafuna kumutsatira, ndinawagwira malaya. Analira ndithu, sindikubisirani. Koma madzulo anadya. Mmawa ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akumalizitsa mizere iwiri yotsala ija, chala chili pa pepala.

Pa Khirisimasi anavala diresi, anapita ku tchalitchi ndi anzake, khadi lili m'manja m'pulasitiki mwake. Tinadutsa pa chitsa paja, basi inali itaima, anthu akutsika. Ine ndinayang'ana Deborah. Iye anayang'ana kamodzi, anapitiriza kuuza mwana wanga Jordan kuti khadi lake lili ndi mizere yambiri kuposa la iye.

Kunali mitambo kuyambira mmawa. Tikudya, kunayera pang'ono, ndipo anasiya mbale ndi kutuluka panja. Ndinamufunsa kuti ukupita kuti, anati ndikukaona ngati lawala. Linawala. Anabwera kudzamaliza mpunga.

Dzulo anapempha pepala ndipo anakhala nalo masana onse, akuomba m'manja ngati amalume ake. Ndaliika muno. Achimwene anu akuti mzere woyamba wapereweza ndipo wachiwiri wapitirira, akufuna aukonze kuti akaimbitse ana a Sande sukulu. Ndati afunse kaye eni ake.

Emelda

Kwa amama anga
Dzuwa lero lawala
Nsapato yandiluma chala
Ine Deborah

Kalingalinga
30 Disembala 2023

Achimwene ndi alamu,

Ndalandira. Moni nonse.

Pa Khirisimasi kuno kunagwa mvula tsiku lonse. Ndimaphika ndikuyang'ana pa windo, ndipo ndinazindikira kuti ndalonjezanso chinthu chimene sichili m'manja mwanga. Ndinati ngati ku Katete dzuwa silituluka, mwana aganiza chiyani? Adona anandifunsa ngati ndadwala. Mwandichotsa minga, alamu.

Achimwene, ndaomba m'manja. Ndi zoona, woyamba ukuperewera kamodzi, wachiwiri wapitirira kamodzi. Koma wala ndi chala mwamva mmene zagwirizanira? Palibe anamuphunzitsa, wangoonera inu. Musakhudze liwu ngakhale limodzi, ndipo musaimbitse ana a eni. Pepalali ndi langa. Clive waliika m'pulasitiki yolimba ija yotentha ndi makina, lili pakhoma pamwamba pa bedi.

Chala chake ndi chiti? Chatupa? Asavalenso nsapatozo, mupatse mwana wina. Ndinadziwa kuti phazi la Mwango ndi laling'ono. Mumuimike pa pepala, mujambule phazi lake mozungulira ndi pensulo, onse awiri, ataimirira osati atakhala, mupatse a Goliati.

Lamulungu la sabata yamawa masana ndidzaimba foni. Mumuuze kuti amama ake akufuna kumva za chala basi, palibe china chimene adzanene.

Ine wanu,
Eneless